Nkhani ya Limbikani ndi dimba la agogo ake: ndithandizeni ndisanaimalize

Nambewe: Moni nonse a pagulu lino. Ndakhala ndikulemba nkhani yaifupi kwa milungu itatu tsopano, ndipo ndafika poti maso anga sakuonanso pamene palakwika. Ndi nkhani ya mnyamata wa zaka 14, dzina lake Limbikani, amene wasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, ndipo asananyamuke mu Seputembala akufuna kuwasiyira agogo ake aakazi chipangizo chothirira dimba chokha. Ndikuikani pano chigawo chapakati, chifukwa ndi chimene chikundikayikitsa.

"Dimba la agogo linali kumunsi kwa mudzi, pamene dambo limayambira. Munali mabedi anayi, lililonse la mamita 5 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi: awiri a tomato, limodzi la mpiru, limodzi la chayinizi. Chitsime chinali kuseri kwa nthochi. M'mawa uliwonse kusanatenthe agogo ankatsikira kumeneko ndi keni, ndipo Limbikani ankawerenga maulendo awo chamumtima. Ankakwana 16. Chaka chimenecho bondo lawo lamanzere linayamba kutupa, moti pa ulendo wachisanu ankatula keni pansi n'kuyamba kuzula udzu umene sunafunike kuzula, pofuna kuti mdzukulu wawo asaone kuti akupuma.

Limbikani anaunjika njerwa mpaka kufika m'chiuno mwake, n'kukhazikapo dilamu la malita 200. Kunsi kwa dilamulo analumikiza valavu imene anachotsa mu makina ochapira zovala akufa, ndipo kuchokera pa valavuyo anayala mapaipi m'mabedi onse, atawaboola ndi singano yamoto. Pakati pa tomato anakhoma misomali iwiri m'dothi, n'kuimanga mawaya opita ku kabokosi ka Arduino kamene msuweni wake wophunzira zamagetsi ku Lilongwe anamubwereka. Batire la njinga yamoto ndi kasola kakang'ono zinkapatsa mphamvu zonsezo. Dothi likauma, misomali inkauza kabokosi, kabokosi n'kutsegula valavu, madzi n'kuyamba kudontha."

Pambuyo pake Limbikani akupita kusukulu, ndipo pobwera ku holide mu Disembala akupeza tomato atabereka kwambiri, anthu a m'mudzi atasonkhana kudzaona, mfumu ikumuyamikira. Ndikupempha zinthu ziwiri. Odziwa zamagetsi ndi zaulimi andiuze ngati chipangizochi chingagwire ntchito monga ndalembera, ndipo odziwa zolemba andiuze ngati nkhaniyi ili ndi moyo.

Nabanda: Mwana wanga Nambewe, ndiyambe ine ndi mbali ya zolemba, popeza zamawaya sindizidziwa. Chiganizo chija cha agogo akuzula udzu umene sunafunike kuzula musachikhudze, chifukwa ndi chimene chandichititsa kuwerenga mpaka kumapeto. Koma taonani chimene chikuchitika ndime yotsatira: agogo asowa. Munthu amene mwatipatsa ali ndi bondo lotupa ndiponso manyazi akubisa ululu wake sakuonekanso kufikira tsiku limene mfumu ikubwera, ndipo ngakhale pamenepo sakulankhula. Kodi mayi amene walima dimba limenelo zaka zambiri angangoyang'ana mwana akukhoma misomali pakati pa tomato wake osanena kanthu? Ine agogo anga sakanalola. Chachiwiri ndi mathero. Aliyense wowerenga kuno kwathu akangomva za mnyamata wa kumudzi wopanga makina, maganizo ake amathamangira kwa William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anamanga makina amphepo opanga magetsi ali wamng'ono chomwecho. Mukamaliza ndi khamu la anthu ndi mfumu, wowerenga adzati iyi ndinaimva kale, ndipo adzakhala akunena zoona.

Phiri: Achemwali, ine ndimakonza zamagetsi, ndipo ndikuuzeni mosabisa kuti monga mwalembera, madzi sangatuluke ngakhale dontho limodzi. Vuto lili pa valavu, ndipo ndi lapawiri. Valavu ya makina ochapira zovala imapangidwira magetsi a m'nyumba a mavolti 230, pamene batire la njinga yamoto ndi la mavolti 12, choncho koyilo yake siingakoke n'komwe. Ngakhale mutapeza ina ya mavolti 12 ya mtundu womwewo, pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa: valavu zimenezi sizitsegulidwa ndi magetsi okha. Magetsi amangotsegula kabowo kakang'ono m'kati, ndipo mphamvu ya madzi enieniwo ndi imene imakankha kalabala kotseka njira. Madzi a m'mipopi ya m'tauni ali ndi mphamvu imeneyo, koma dilamu lokhala pa njerwa zofika m'chiuno mwa mwana lilibe. Mudzangomva valavu ikulira kuti "tiki", kenako zii. Ndinganenenso kuti makina ochapira zovala akufa si chinthu chimene mwana angatole pa malo ogulitsira malonda a kumudzi, koma izo ndi za inu olemba.

Jere: A Phiri, pamenepo ndikuona ngati mwakulitsa. Ngati vuto ndi mphamvu ya madzi, mnyamatayo angokweza dilamu. Madzi akakhala pamwamba amatsika ndi mphamvu, ndi chifukwa chake mathanki a pa zipatala ndi pa sukulu amakhala pa nsanja. Achemwali angosintha chiganizo chimodzi, njerwa zifike pamwamba pa mutu wake, nkhani n'kupitirira.

Phiri: Achimwene a Jere, mukunena zoona kuti kukweza kumawonjezera mphamvu, koma tawerengani kuti kukuwonjezera yochuluka bwanji. Pamafunika madzi otalika mamita 10 kuti mupeze baa imodzi, umene ndi muyezo wa mphamvu ya madzi, choncho mita imodzi ikukupatsani gawo limodzi mwa magawo khumi. Pa mamita awiri valavu zina za mtundu umenewu zimayamba kutseguka pang'ono, koma madzi akamatsika m'dilamu mphamvu imatsikanso, ndipo valavu imaleka dilamu lisanathe. Komanso musaiwale kuti malita 200 a madzi amalemera makilogalamu 200. Mukufuna mwana wa zaka 14 aunjike njerwa zopanda simenti mamita awiri pa dothi lofewa la m'dambo, aikepo kulemera kwa amuna atatu, agogo ake n'kumagwada m'munsi mwake? Ndipo za mavolti zija simunaziyankhe.

Jere: Za mavolti ndavomera. Koma za nsanja sindinagonje, chifukwa nsanja ya mitengo ya bulugamu yokumbiridwa bwino imanyamula dilamu popanda vuto, ndinaionapo ndi maso anga.

Mwale: Ana anga, mukukangana za valavu pamene pali funso lalikulu limene nonse mwalidumpha. Ine ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi mpaka kupuma, ndipo funso loyamba limene ndinkafunsa aliyense wondionetsa dilamu m'dimba linali lakuti, akudzaza ndani? Tiyeni tiwerenge dimba la m'nkhaniyi. Mabedi anayi a mamita 5 ndi mita imodzi akupanga masikweya mita 20. M'nyengo yotentha ya Okutobala, tomato amene wayamba maluwa amafuna madzi okwana pafupifupi malita 5 pa sikweya mita iliyonse patsiku, ndipo tsiku la mphepo youma amafuna oposa pamenepo. Ndiye kuti dimba lonse likumwa malita 100 patsiku, dilamu lija n'kutha pa masiku awiri. Limbikani wapita mu Seputembala, akubwera mu Disembala. Pa miyezi itatu imeneyo munthu wina ayenera kunyamula zigubu zisanu za malita 20 tsiku lililonse kuchokera kuseri kwa nthochi, ndipo pamwamba pa kunyamulako azikweze mpaka pakamwa pa dilamu, limene lili pa njerwa. Pakamwa pa dilamu lokhala pa njerwa zofika m'chiuno ndi pamwamba kuposa mutu wa agogowo. Kale ankanyamula keni ya malita 10 n'kumathira pansi, tsopano mdzukulu wawapatsa ntchito yokweza madzi kumwamba ndi bondo lotupa. Zoona, kudontheza kumachepetsa madzi otayika, ndipo malita 160 a makeni 16 aja atsika kufika pa 100, koma chipangizochi chachotsa kuthira, sichinachotse kutunga, pamene chimene chikupweteka bondo ndi kutunga.

Nambewe: Bambo Mwale, mwandilasa. Ndinawerenga maulendo a keni mosamala chifukwa ndinkafuna nambala yomveka, koma za kudzaza dilamu sizinandifikire n'komwe. M'mutu mwanga dilamulo linali lodzaza nthawi zonse.

Tembo: Pepani ndalowa mochedwa, ndinali ku ntchito kuno ku Joni. Chipangizo chimene mukunenachi chikugulitsidwa ndalama zingati chonse pamodzi, ndipo mnyamatayo angapite kukachiika kwathu ku Mchinji? Mayi anga ali ndi dimba la anyezi ndipo msana ukuwavuta. Ndikhoza kutumiza ndalama kumapeto kwa mwezi.

Nabanda: A Tembo, mnyamatayo kulibe, ndi wa m'nkhani yopeka imene a Nambewe akulemba. Komabe funso lanu ndilitenga ngati umboni wakuti nkhaniyi yagunda pamene pali chilonda chenicheni.

Tembo: Ndamva, mundikhululukire. Koma popeza ndayamba kale, ndinene zimene zinandichitikira, mwina zikuthandizani. Zaka ziwiri zapitazo ndinawagulira mayi sola ndi pampu yaing'ono, mlamu wanga n'kukaziika kudimba. Sizinathe milungu itatu, batire ndi sola zinabedwa usiku. Titagula zina, mayi anayamba kumazinyamula pamutu m'mawa kupita nazo kudimba, madzulo n'kubwera nazo kunyumba, ndipo anandiuza pa foni kuti ndawagulira mwana wina wofunika kubereka. Ngati m'nkhani yanu batire likugona kudimba miyezi itatu osabedwa, anthu a kwathu sakhulupirira.

Phiri: Mawu a mayi anuwo ndi oyenera kulowa m'nkhani, a Tembo. Tsopano achemwali, ndikupatseni njira ziwiri zimene zingagwiredi ntchito, musankhe nokha, chifukwa iliyonse ili ndi tsoka lake. Yoyamba ndi yoti dilamu likhalepo, koma m'malo mwa valavu muike kapampu ka mavolti 12 m'kati mwa dilamulo, paipi n'kutulukira pakamwa pake. Musalembe kuti anatenga pampu ya galimoto yopopera madzi pa galasi, chifukwa imeneyo inapangidwa kuti izilira masekondi ochepa, ndipo ikalira mphindi zambiri imapsa. Tsoka la njira imeneyi ndi lakuti pampu ikazima madzi saleka. Ndi zomwe zimachitika munthu akamakoka petulo m'thanki ndi paipi: ukangoyamba kukoka, amapitirira okha malinga ngati kotulukira kuli kunsi. Mnyamata wanu adzayesa masana, adzaona kabokosi kazimitsa pampu bwinobwino, adzapita kukagona wosangalala, ndipo m'mawa adzapeza dilamu louma ndi mabedi ali matope. Mankhwala ake ndi ochepa kwambiri: kuboola kabowo kamodzi pa paipi, pamalo okwera kwambiri, pamwamba pa madzi koma m'kati mwa dilamu, kuti pampu ikazima mpweya ulowe n'kudula kukokako. Pampu ikamalira kabowoko kamalavula timadzi tobwerera m'dilamu momwemo, palibe chotayika.

Njira yachiwiri ikuyankha funso la bambo Mwale. Pampu ilowe m'chitsime momwemo, izikankha madzi kupita m'ndowa yopachikidwa pamtengo pafupi ndi mabedi, ndipo kuchokera m'ndowamo madzi azitsikira m'mapaipi. Apa palibe wotunga, ndipo vuto la kukoka lija kulibe chifukwa chitsime chili kunsi kwa dimba. Koma pakufunika pampu yotha kukweza madzi mamita asanu kapena kuposa, imene ndi yodula, ndipo mu Okutobala madzi a m'chitsime akatsika, pampu imayamba kumwa matope, kenako mpweya, n'kupsa.

Mwale: Matope amenewo ndi amene amapha mthirira wodontheza kuno kwathu kuposa china chilichonse. Mabowo a singano yamoto satsekeka onse tsiku limodzi. Amayamba ndi a kumapeto kwa paipi, kumene madzi amafika ofooka, ndipo mlimi amazindikira poona kuti mitengo iwiri kapena itatu yomalizira ikufota masana pamene yoyandikira dilamu ili bwinobwino. Ndiponso mabowo a singano safanana kukula, choncho wina akumwa kwambiri wina pang'ono kuyambira tsiku loyamba. Nsalu yosefera pakamwa pa ndowa imathandiza, ndipo kumapeto kwa paipi kuyenera kukhala kopinda n'kumanga ndi mphira, osati kotseka mpaka kalekale, kuti mlungu uliwonse muzimasula madzi atsuke m'kati. Imeneyo ndi ntchito ya munthu, ndipo munthu amene alipo ndi agogo.

Jere: Nanga misomali ija palibe amene wainenapo. Ine ndikudziwa kuti imagwira, chifukwa dothi lonyowa limadutsa magetsi ndipo louma silidutsa. Pamenepo achemwali analemba zoona.

Phiri: Imagwira, koma kwa masiku owerengeka ngati mwailumikiza monga ambiri amachitira. Magetsi akamadutsa m'dothi lonyowa usana ndi usiku kulowera mbali imodzi, msomali umodzi umadyeka, umachita dzimbiri lochindikala, ndipo dzimbirilo limatchinga magetsi. Kabokosi kamayamba kuona ngati dothi lauma pamene lanyowa, n'kumathira osaleka. Njira yochepetsera zimenezi ndi kupatsa misomali magetsi pa kanthawi kowerenga kokha. Pa kabokosi, msomali umodzi upite pa pini 7, winawo pa pini yowerengera ya A0, ndipo pa A0 pakhale rezisita yopita ku GND, mbali ya negetivu. Pampu ili pa rileyi, swichi yoyendetsedwa ndi kabokosi, ya pa pini 8. Malamulo opatsa kabokosi ndi awa:

```
pinMode(7, OUTPUT);
pinMode(8, OUTPUT);
digitalWrite(7, HIGH);
delay(10);
int chinyezi = analogRead(A0);
digitalWrite(7, LOW);
if (chinyezi < 400) digitalWrite(8, HIGH);
if (chinyezi > 600) digitalWrite(8, LOW);
delay(60000);
```

Kabokosi kamapereka nambala yochokera pa 0 kufika pa 1023, ndipo polumikiza chonchi, dothi likanyowa nambala imakwera. Mwaona kuti ndaika nambala ziwiri, yoyatsira ndi yozimitsira. Mukaika imodzi, pampu imayaka ndi kuzima mphindi iliyonse pamene chinyezi chikusewera pamalire. Koma 400 ndi 600 ndangoziika kuti muone mmene zimakhalira. Palibe buku limene lingamuuze Limbikani nambala za dimba la agogo ake, chifukwa zimasintha ndi mtundu wa dothi, kutalikirana kwa misomali, kuzama kwake, ngakhalenso mtunda wake kuchokera pa bowo lodontha. Mukaikhoma pansi penipeni pa dontho, imanyowa msanga n'kuzimitsa pampu mizu isanamwe. Njira yokhayo ndi yoti munthu wodziwa dothilo anene kuti apa pauma, mwana n'kulemba nambala imene ikuoneka, kenako athire mpaka munthuyo anene kuti apa pakwana, n'kulembanso.

Nabanda: A Phiri, mwina simukudziwa, koma mwangolemba pakati pa nkhaniyi. Nambewe, tamverani. Mnyamatayo sangamalize makina ake popanda chala cha agogo. Ali ndi mawaya, ali ndi kabokosi ka msuweni, koma sadziwa kuti "kuuma" ndi nambala iti, ndipo ayenera kupita kukawapempha agogo amene mwina akhala akunyoza ntchito yakeyo mlungu wonse. Pamenepo ndi pamene anthu awiriwa akukumana. Chotsani mfumu, muike zimenezi.

Mwale: Ndiwonjezere pa chalacho. Agogo a mtundu umenewo salowetsa chala chokha. Amakumba pang'ono pafupi ndi tsinde, amatapa dothi, amalifumbata, kenako n'kutambasula dzanja. Likagwirana n'kukhala mbulumwa, madzi alimo. Likayoyoka, pauma. Likatulutsa madzi pakati pa zala kapena kumata ngati phala, mwathira mopitirira. Ndipo amadziwa kuti tomato wofota masana a dzuwa lamphamvu sikuti nthawi zonse ali ndi ludzu, amayembekeza aone ngati adzuka madzulo. Wofota m'mawa ndiye wa ludzu lenileni. Misomali siidziwa kusiyana kumeneko, koma siikufunikanso kudziwa, chifukwa iyo ikuyang'ana dothi osati masamba. Chimene chingaisokoneze ndi china. Amayi ambiri amawaza phulusa m'mabedi pothamangitsa tizilombo, ndipo ena amathira feteleza wa CAN tomato akayamba kubereka. Zonsezi zili ndi mchere wake umene umasungunuka m'dothi. A Phiri, kodi sizikhudza nambala zanuzo?

Phiri: Zimakhudza kwambiri, bambo, ndipo ndikanayenera kuzinena. Misomali siiyeza madzi, imayeza mmene magetsi akudutsira, ndipo madzi amchere amadutsa magetsi kuposa madzi wamba. Agogo akawaza phulusa lambiri pafupi ndi misomali n'kusungunuka, dothi louma pang'ono lidzapereka nambala ya dothi lonyowa. Kabokosi kadzakhala chete kakuganiza kuti zonse zili bwino, tomato akufota. Chozindikirira n'chakuti pampu yaleka kulira masiku angapo pamene kunja kukutentha monga mwa masiku onse, koma batire lili ndi moto.

Nambewe: Ndakhala chete chifukwa ndimalemba. Taonani ngati izi zikuyandikira.

"Tsiku lachisanu Limbikani anakhala pa njerwa, foni ya msuweni ili m'manja, nambala zikusinthasintha: 512, 498, 505. Sankadziwa kuti zikutanthauza ludzu kapena kukhuta. Agogo ankadutsa ndi keni osamuyang'ana.

'Agogo, apa pauma?'

'Funsani misomali yanuyo, abambo.'

Anadutsa ulendo wina, ndi winanso. Pa ulendo wachisanu anatula keni, koma lero sanazule udzu. Anagwada pang'onopang'ono, bondo lamanzere lili chowongoka, n'kukumba ndi zala pafupi ndi tsinde la tomato. Anafumbata dothi n'kutambasula dzanja pamaso pake. Dothilo linakhala kanthawi, kenako linang'ambika pakati.

'Silinaume. Mawa masana lidzauma. Mubwere mudzalembe mawa.'"

Nabanda: Izi ndiye zolemba. Mawu akuti "abambo" ponena mdzukulu mwawaika pamalo pake, chifukwa muli chikondi ndi chipongwe pamodzi, monga agogo amachitira. Ndingochotsa "pang'onopang'ono", popeza bondo lowongoka latiuza kale. Ndipo mwachita bwino kuti agogo amudikiritse mpaka mawa, chifukwa tsopano nthawi ya nkhani ikuyendetsedwa ndi iwo.

Phiri: Kanthu kamodzi kakang'ono. Kuti nambala zioneke pa foni pakufunika kachingwe ka OTG kolumikiza foni ndi kabokosi, ndi pulogalamu yowerengera pa foniyo. Zimatheka, choncho chiganizo chanu chikhoza kukhala, koma penapake m'mbuyo msuweni asiye kachingweko pamodzi ndi foni, kuti wodziwa asafunse.

Jere: Ine ndikadali ndi dandaulo, ndipo si la mawaya. Mwana wa Sitandade 8 wa kumudzi, kompyuta sanaigwirepo, akulemba malamulo a Arduino? Ngati walemba ndi msuweni, ndiye kuti wopanga makina ndi msuweniyo, Limbikani ndi wokhoma misomali chabe. Bwanji osachotsa kabokosiko, mwanayo apange chinthu cha manja ake?

Mwale: Funso limenelo ndi labwino, ndipo njira zopanda magetsi zilipo. Yakale kwambiri ndi kukwirira mtsuko wadothi wosapaka kanthu pakati pa mbewu, khosi lokha lili kunja, n'kuudzaza madzi ndi kuuvundikira. Madzi amatuluka m'zipupa za mtsuko pang'onopang'ono, ndipo dothi likauma limakoka kwambiri, likanyowa limakoka pang'ono. Chimenecho ndi chipangizo chothirira chokha m'njira yeniyeni, chopanda batire loti libedwe. Koma mtsuko umodzi umanyowetsa malo aang'ono ozungulira, choncho mabedi anayi angafune mitsuko yambiri, ndipo kutunga kuja kukadalipo. Komanso ndikukayika ngati mwana wa zaka 14 angaone mtsuko wa agogo ake ngati chinthu chonyadira nacho.

Nabanda: Apo ndiye pakhoza kukhala nkhani ina yosiyana, yoti agogo ankadziwa kale za mtsuko ndipo anangomusiya mwanayo avutike ndi mawaya. Koma ndikuchenjezeni, Nambewe. Musagwere mbali inayo, yoti nzeru zamakolo zapambana ndipo zamakono zagonja, chifukwa nayonso ndi njira yopondedwa kale ngati ya mfumu ija. Bondo la agogo likutupadi, ndipo mtsuko sulichiritsa.

Nambewe: A Jere, dandaulo lanu ndalimva, koma kabokosi sindikachotsa, chifukwa popanda iko palibe nambala, ndipo popanda nambala palibe chifukwa choti Limbikani akapemphe dzanja la agogo. Chimene ndichite n'chakuti msuweni asiye malamulo olemba kale, n'kumuonetsa malo awiri okha osintha, ndipo china chilichonse, kabowo ka pa paipi, nsalu yosefera, malo okhoma misomali, akhale akuchipeza yekha mwa kulephera. Usiku wa dilamu louma uja ndiuika ndithu. Phulusa ndiliika pamene iye ali kusukulu, kuti agogo akumane nalo okha, aone pampu yaleka kulira, afumbate dothi, adziwe kuti misomali ikunama. Chimene sindinadziwe ndi chimene achite pamenepo. Akhoza kuzula misomali n'kubwerera ku keni osamuuza mdzukulu, n'kudzaikhomanso tsiku loti akubwera. Akhozanso kuisamutsira pa bedi lopanda phulusa, kusonyeza kuti aphunzira chinenero chake.

Tembo: Mayi anga akanachita choyambacho, ndipo akanandiuza pa foni kuti makina akugwira bwino kwambiri.

Nabanda: Choyambacho chikugwirizana ndi mayi amene ankazula udzu pobisa kupuma kwake, ndiye munthu yemweyo kuyambira ndime yoyamba. Koma chikufuna kuti Limbikani azindikire yekha pobwera, apo ayi bodzalo lingokhala pakati pa agogo ndi wowerenga.

Phiri: Akhoza kuzindikira mosavuta ngati ali watcheru. Misomali imene yakhala m'dothi lonyowa miyezi itatu imakhala ndi dzimbiri kuyambira pamene dothi limalekeza kupita kunsi, ndipo dothi loizungulira limakhala logwirana. Yokhomedwa dzulo imagwedera ukaigwira. Koma ine ndingakonde chachiwiricho, chifukwa ndaonapo amayi achikulire akuphunzira kusamala sola kuposa ana awo amene anawagulira.

Mwale: Musanafike kumeneko, mwana wanga, simunatiuze kuti mwasankha dilamu kapena chitsime. Ngati ndi dilamu, ndikufunabe kudziwa dzina la munthu amene akunyamula zigubu zisanu zija tsiku lililonse, chifukwa m'midzi yathu munthu ameneyo kawirikawiri amakhala mtsikana, ndipo Limbikani mwina ali ndi mlongo wake amene sanasankhidwe kupita kulikonse.

Nambewe: Mlongo analipo m'zolemba zanga zoyamba, ndinamuchotsa chifukwa ndinkaona kuti alibe chochita m'nkhani. Ndikamufufuza usiku uno m'kope lakale.